Impso zikafooka chifukwa cha mtima kapena chiwindi

"Adokotala, bambo anga a zaka 64 akhala akudwala mtima kwa zaka 4. Sabata yatha anagonekedwa m'chipatala miyendo ndi mimba zitatupa, akubanika akagona chagada. Atawayeza magazi anati impso zayamba kufooka, kiriyatinini wachoka pa 115 kufika pa 190. Chomwe chandiimitsa mutu n'chakuti awaonjezera lasikisi, ndipo tsopano akuwabaya mu mtsempha. Amalume anga anamwalira chaka chatha ndi matenda a chiwindi, nawonso atatupa chimodzimodzi, koma iwo impso zitafooka madokotala anawaletsa lasikisi yemweyo. Kodi bambo anga sakupwetekedwa? Abale ena akuti tiwatulutse." Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, pepani ndi matendawa, komanso pepani ndi maliro a amalume anu. Bambo musawatulutse m'chipatala. Madokotala amene analetsa lasikisi, mankhwala okodzetsa, kwa amalume anu anachita bwino, ndipo amene awaonjezera bambo anu mankhwala omwewo akutsatira njira imene inenso ndikanayamba nayo. Kutupa kwa anthu awiriwa kumaoneka kofanana m'maso, koma zochitika m'mitsempha mwawo n'zosiyana kwambiri, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumasankha mankhwala.

Impso ndi tiziwalo ting'onoting'ono, koma zimalandira pafupifupi lita imodzi ya magazi pa mphindi iliyonse, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 5 a magazi onse amene mtima umapopa. Pa tsiku zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezera ambiri m'thupi, ndipo zimangotaya lita imodzi ndi theka kapena malita 2 monga mkodzo. Impso sizidziwa kuchuluka kwa madzi amene ali m'thupi lonse. Zimangodziwa mphamvu imene magazi akufikira pakhomo pake. Mphamvuyo ikachepa, impso zimaona ngati munthu wataya magazi kapena watsegula m'mimba kwambiri, ndipo zimachita zomwe zimachita pa ngozi yotere: zimatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa renini, amene amachititsa kuti mitsempha ifinyike ndiponso kuti mchere ndi madzi zisungidwe. Kwa munthu wovulala pamsewu zimenezi zimapulumutsa moyo. Kwa wodwala mtima kapena chiwindi zimaonjezera mavuto, chifukwa impso zimasunga madzi m'thupi lodzaza kale madzi. Mwa odwala onse awiri impsozo poyamba zimakhala zabwinobwino, chimene chavuta ndi magazi amene akuzifikira. Vuto likachokera ku mtima timati kadiyorino, ndipo likachokera ku chiwindi timati hepatorino.

Kwa bambo anu, anthu ambiri amaganiza kuti impso zafooka chifukwa mtima ukupopa magazi ochepa. Zimenezi zimachitika ndithu, koma mwa odwala ambiri amene amabwera atatupa vuto lalikulu limakhala kumbuyo kwa mtima. Mtima wofooka umalephera kulandira magazi onse obwerera, motero magazi amadzazana m'mitsempha yobwerera kumtima, ndipo mtsempha wotulutsa magazi mu impso umathira mu umodzi mwa mitsempha yodzazayo. Ganizirani dimba limene ngalande yake yotayira madzi yatsekeka kumunsi. Ngakhale madzi azibwera bwino kuchokera kumtunda, m'dimbamo sayenda, amangoima. Impso nayo ili m'kachikopa kolimba kosatamuka, choncho magazi akalephera kutuluka imapanikizika m'kati ndipo kusefa kumachepa. Madzi odzaza m'mimba amaipanikizanso kuchokera kunja. Pamenepa chothandiza impso ndi kutsegula kumunsi, kutanthauza kuchotsa madzi oonjezerawo, ndipo imeneyi ndiyo ntchito ya lasikisi, amene dzina lake lenileni ndi furosemaidi.

Kuwabaya mu mtsempha kuli ndi chifukwa chake. Miyendo ikatupa dziwani kuti matumbo nawo atupa, ndipo matumbo otupa sayamwa bwino mapiritsi. Ngakhale mwa munthu wabwinobwino, pafupifupi theka lokha la piritsi la furosemaidi ndi limene limalowa m'magazi. Kuonjezera apo, mankhwalawa amagwira ntchito akafika m'timachubu ta impso, ndipo impso yofooka imawafikitsako pang'ono, motero imafuna mlingo wokulirapo kuti imve. N'chifukwa chake munthu amene amamwa mamiligalamu 40 kawiri pa tsiku kunyumba tingamuyambe ndi mamiligalamu 80 a mu mtsempha, kenaka n'kuona mmene thupi layankhira. Chimene timayang'ana m'maola 6 oyamba ndi mkodzo, ndipo timafuna upitirire mamililita 100 mpaka 150 pa ola. Ukapanda kufika pamenepo timaonjezera mlingo, ndipo nthawi zina timaphatikiza mankhwala ena okodzetsa a mtundu wina.

Inu amene mukudwazika mungathandize kwambiri pano. Pemphani kuti bambo azikodzera m'chiwiya choyezera, ndipo muzilemba zonse zimene akodza ndi zimene amwa. Aziyezedwa pa sikelo m'mawa uliwonse akangokodza, asanadye. Kilogalamu imodzi yotsika ndi lita imodzi ya madzi yachoka, ndipo kutsika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku ndi mayendedwe abwino kwa munthu wotupa kwambiri. Mukaona kuti ayamba kugona ndi mapilo ochepa, mitsempha ya m'khosi yasiya kutukuka akakhala tsonga, ndipo phazi layamba kulowa m'patapata, dziwani kuti mankhwala akugwira.

Kiriyatinini sayenda limodzi ndi zizindikiro zimenezi nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amataya mtima. Kiriyatinini ndi zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimataya, ndipo mwa munthu wamkulu amakhala pakati pa 60 ndi 110 pa muyezo umene chipatala chanu chagwiritsa ntchito. Madzi akamachotsedwa akhoza kukwera pang'ono kwa masiku 2 kapena 3 asanayambe kutsika. Ngati wodwala akukodza bwino, akupuma bwino, manja ndi ofunda ndipo bipi ili bwino, kukwera pang'ono kotere sikutiletsa kupitiriza. Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona odwala ambiri akubwereranso patatha milungu iwiri atatupa kuposa poyamba chifukwa mankhwala anaimitsidwa msanga poopa nambala, ndipo ameneyu ndi mmodzi mwa misampha imene ndimachenjeza nayo madokotala achinyamata. Wodwala wotuluka m'chipatala akadali ndi madzi ndiye amene ali pa chiopsezo chachikulu.

Pali nthawi pamene kuopa kwanu kungakhale kolondola, ndipo muyenera kuidziwa. Kutupa kukatha koma mlingo waukulu n'kupitirira, munthu amauma. Pakamwa pamauma, amamva chizungulire akaimirira, bipi imatsika, ndipo kiriyatinini amakwera tsiku ndi tsiku. Apo lasikisi amachepetsedwa kapena kuimitsidwa kwa kanthawi. Choopsa kwambiri ndi pamene mtima wafookeratu moti sukupopa zokwanira ngakhale thupi ladzaza madzi. Manja ndi mapazi zimazizira, wodwala amasokonezeka kapena kungoodzera, bipi yapamwamba imatsika kufika pansi pa 90, ndipo mkodzo sutuluka ngakhale abayidwe lasikisi wochuluka bwanji. Zikatero itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa wodwala wotere amafuna mankhwala a mu dilipi olimbikitsa mtima, monga dobutamini, m'chipinda cha odwala kwambiri.

Odwala mtima ambiri amamwanso enalapirilo kapena losatani, ndi sipironolakitoni. Mankhwala amenewa amatalikitsa moyo wa wodwala mtima, koma amakweza kiriyatinini pang'ono ndiponso amasunga mchere wa potaziyamu m'magazi. Kukwera kwa kiriyatinini kosapitirira magawo 30 pa 100 alionse munthu akangoyamba enalapirilo n'koyembekezeka. Potaziyamu ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa akapitirira 5.5 mlingo uyenera kuchepetsedwa, ndipo akapitirira 6 akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima mwadzidzidzi popanda chizindikiro chilichonse. Ngati madokotala awaimitsa mankhwalawa panopa, funsani patsiku lotuluka kuti adzayambiranso liti, chifukwa kawirikawiri amaimitsidwa kwa masiku ochepa kenaka n'kuiwalika kwa miyezi. Akayambiranso magazi ayezedwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Funso limene ndikanakufunsani mukanakhala pamaso panga ndi lakuti kodi bambo anamwa mankhwala opha ululu masiku angapo asanatupe. Bulufeni, daikulofenaki ndi indosidi amagulidwa paliponse, ndipo akuluakulu ambiri amawamwa chifukwa cha mawondo ndi msana osaona chifukwa chouzira dokotala. Impso imene ikulandira magazi movutikira imadziteteza potulutsa mankhwala ake otsegula timitsempha tolowetsa magazi, ndipo mankhwala opha ululu amenewa amatseka chitetezo chomwecho. Amafooketsanso mphamvu ya lasikisi. Mwa wodwala mtima kapena chiwindi mapiritsi a masiku 3 okha akhoza kugwetsa impso. Fufuzani m'thumba la jekete lawo ndi m'kabati, ndipo zonse zimene mupeze, kuphatikizapo zitsamba zimene anapatsidwa, mukaonetse madokotala mopanda manyazi. Pa ululu wamba panado ndiye woyenera.

Tsopano za amalume anu. Chiwindi chikaonongeka kwa zaka zambiri, kaya ndi kachirombo ka hepataitisi B kaya ndi mowa, chimauma ndi zipsera, ndipo magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsamo. Mitsempha ya m'matumbo imatambasuka mopitirira muyezo, magazi ambiri amakaunjikana kumeneko, ndipo madzi amatayikira m'mimba. Wodwala amaoneka wodzaza madzi, koma mitsempha yopita ku impso imakhala ngati yaphwa. Thupi limayankha pofinya mitsempha ina yonse kuti bipi isagwe, ndipo ya mu impso imafinyika koposa. Mwa bambo anu madzi adzaza m'mitsempha, pamene mwa amalume anu anali kunja kwa mitsempha. Lasikisi amachotsa madzi kuchokera m'magazi, motero kwa munthu ngati amalume anu, impso zikayamba kufooka, amachotsa pa zochepa zomwe zatsala. Umboni woti impsozo sizikhala zoonongeka unapezeka kale. Mu 1969 madokotala a ku America analemba za impso zimene zinachotsedwa mwa anthu omwalira ndi vutoli n'kuikidwa mwa anthu ena a chiwindi chabwino, ndipo zambiri zinayambanso kugwira ntchito.

Ndikukumbukira bambo wina wa zaka za m'ma 40, wolemera makilogalamu 60, amene chiwindi chake chinauma ndi hepataitisi B. Ankamwa sipironolakitoni ndi lasikisi chifukwa cha madzi a m'mimba, ndipo kiriyatinini wake anali 80 mwezi umodzi m'mbuyomo. Anabwera akumva kuwawa pang'ono m'mimba, thupi likutentha pang'ono, akusinza masana, mkodzo utachepa, ndipo kiriyatinini anali 170. Nambala imeneyi ndi yoopsa kuposa mmene imaonekera, chifukwa wodwala chiwindi amakhala ataonda, minofu itatha, motero amapanga kiriyatinini wochepa, ndipo 170 mwa iye imaimira impso zofooka kwambiri kuposa 170 ya munthu wa minofu yake. Tsiku lomwelo tinaimitsa mankhwala onse okodzetsa ndi otsitsa bipi, ndipo tinatenga madzi pang'ono m'mimba ndi singano kukayeza. Tinapeza maselo oyera olimbana ndi matenda opitirira 250 mu kadontho ka muyezo wake, chizindikiro choti tizirombo talowa m'madzi a m'mimbawo. Matenda amenewa ndi amodzi mwa oyambitsa hepatorino kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri sapweteka kwambiri, choncho amaphonyeka ngati madzi sayezedwa.

Tinamuyamba sefitirayakizoni, ndipo abale ake atavutika kusonkha ndalama tinapeza alubumini. Alubumini ndi puloteni imene chiwindi chabwino chimapanga, ndipo imakokera madzi m'mitsempha n'kuwasunga momwemo. Pa matenda a m'madzi a m'mimba timapereka galamu imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse tsiku loyamba, ndi galamu imodzi pa kilogalamu tsiku lachitatu, kotero iye anafunika magalamu 90 kenaka 60. Tinayezanso mkodzo ndipo munalibe magazi kapena puloteni yochuluka, ndipo sikani inaonetsa impso za kukula kwabwino zopanda chotseka. Zonsezi timachita chifukwa si wodwala chiwindi aliyense wofooka impso amene ali ndi hepatorino. Ambiri amakhala atangouma chifukwa cha lasikisi, kusanza, kutaya magazi kapena kutsegula m'mimba, ndipo amachira akabwezeredwa madzi. Ena impso zimakhala zitavulala ndi mankhwala monga jentamaisini. Timati ndi hepatorino pamene zina zonsezi zachotsedwa, madzi abwezeredwa, koma kiriyatinini sakutsika.

Mwa bamboyu kiriyatinini anakwerabe kufika 260, ndipo mkodzo sunkakwana theka la lita pa tsiku. Chotsatira chinali kufinya mitsempha yotambasuka ya m'matumbo ija kuti magazi abwerere ku impso. Mankhwala odziwika pa ntchitoyi ndi telipuresini, operekedwa pamodzi ndi alubumini wa magalamu 20 mpaka 40 pa tsiku kwa masiku osapitirira 14. Amathandiza pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu, nthawi zina kufika theka, ndipo ali ndi kuopsa kwake, chifukwa akhoza kudzaza madzi m'mapapo kapena kuchepetsa magazi opita ku zala, matumbo ndi mtima. Ife tinalibe, choncho tinagwiritsa ntchito noradirenalini m'chipinda cha odwala kwambiri, mankhwala amene amafuna kuyang'anira bipi nthawi zonse. Patsiku lachinayi mkodzo unayamba kuchuluka, ndipo pofika tsiku la 9 kiriyatinini anali 125. Anapita kwawo akuyenda yekha. Patatha miyezi 5 anabweranso atasanza magazi, impso zinafookanso, ndipo ulendo umenewo sanadzuke. Nkhaniyi imandikhudzabe, chifukwa tinachita zonse zimene tikanatha, koma chiwindi chinali chomwecho.

Apa ndi pamene pali malire a hepatorino. Popanda chithandizo, mtundu wake wofulumira umapha m'milungu yochepa, ndipo mankhwala amangogula nthawi. Chochiza chenicheni ndi kuika chiwindi china, opaleshoni imene sichitika m'Malawi muno. Makina osefa magazi a dayalisisi alipo ku zipatala zazikulu monga Kamuzu ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, koma kwa wodwala amene chiwindi chatheratu ndipo palibe chiyembekezo cha china, makinawa kawirikawiri amangotalikitsa kuvutika, chifukwa bipi imagwa pa makina ndipo magazi saundana msanga. Ngati banja lanu lakhala likudzifunsa ngati kuletsa lasikisi kapena kusawaika pa makina ndiko kunapha amalume, ndikukupemphani kuti mutule katundu ameneyu. Chimene chingapindulitse amoyo ndi ichi: ngati matenda awo anali hepataitisi B, mayi anu, abale awo ena, akazi awo ndi ana akayezetse magazi, chifukwa kachiromboka kamafala kwambiri m'banja kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana ndiponso pakati pa ana aang'ono. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, choncho obadwa chaka chimenecho chisanafike ambiri sanamulandire. Wopezeka nako msanga akhoza kuthandizidwa ndi tenofovira chiwindi chisanaume.

Za bambo anu n'zopatsa chiyembekezo kuposa pamenepo, chifukwa mtima wofooka uli ndi mankhwala ambiri othandiza, ndipo impso zimene zafooka ndi kudzazana kwa madzi kawirikawiri zimabwerera pafupi ndi pamene zinali. Mwina kiriyatinini sadzafikanso pa 115, akhoza kukhazikika pa 130 kapena 140, makamaka ngati akhala ndi bipi yokwera kapena shuga kwa zaka zambiri, pakuti matenda awiriwa amadya mtima ndi impso nthawi imodzi. Funsani ngati mkodzo wawo unayezedwa puloteni, komanso ngati anajambulidwa sikani ya impso ndi chikhodzodzo, chifukwa kwa mwamuna wa msinkhu wawo kutupa kwa pulositeti kukhoza kutseka mkodzo n'kukweza kiriyatinini, ndipo limeneli ndi vuto lokonzeka ndi kachubu. Funsaninso za mankhwala atsopano monga dapagilifulozini ndi empagilifulozini, amene anayamba ngati a shuga koma apezeka kuti amateteza mtima ndi impso ngakhale mwa anthu opanda shuga. Dayalisisi imaganiziridwa pokhapokha ngati madzi akana kuchoka ndi mankhwala onse, potaziyamu wakana kutsika, kapena zinyalala zachuluka moti wodwala akusanza ndi kusokonezeka.

Patsiku lotuluka lembani kulemera kwawo m'buku lawo la kuchipatala pamodzi ndi kiriyatinini ndi potaziyamu wa tsikulo, ndipo ngati n'kotheka gulani sikelo ya kunyumba. Mchere wonse wa pa tsiku usapitirire magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi kakang'ono kosasefukira, ndipo muwerengeremo wobisika mu usipa kapena utaka wouma wothira mchere, timakyubu tokometsera ndiwo, soseji ndi soda wophikira therere. Musawagulire mchere umene amati ndi wa odwala bipi, chifukwa wambiri mwa umenewo ndi potaziyamu. Akadzatsegula m'mimba kapena kusanza moti sakutha kumwa bwino, lasikisi, enalapirilo ndi sipironolakitoni akhoza kuwaumitsa msanga, choncho lankhulani ndi a chipatala tsiku lomwelo kuti akuuzeni oti aimitse ndi tsiku loyambiranso. Akalemera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku 3, akayambanso kudzuka usiku akubanika, akakodza pang'ono kwambiri tsiku lonse, kapena akafooka miyendo mwadzidzidzi mtima ukugunda mosalongosoka, musadikire tsiku lawo lokaonana ndi dokotala la mwezi ndi mwezi. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, mutanyamula buku lawo ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa.